Risiki rivesolo ilibe ulere: puti yomwe mwagulitsayo ndi ngongole

"Abale a mu Joni muno, mnzanga wa ku Randburg akuti pali njira yotchedwa risiki rivesolo. Akuti ukakhulupirira kuti sheya ikwera, umalowa osalipira kanthu, ikakwera umadya. Ndili ndi R20,000 yomwe ndasunga. Kodi msampha wake uli pati?"

Achimwene, mnzanuyo sananame, koma wakuuzani theka. Ndagwira ntchito zaka zingapo mu ofesi ya mabuloka, anthu ogulira ndi kugulitsira ena masheya, ku Sandton, mbali yowerengera maakaunti a makasitomala, ndiye theka linalo ndimaliona ndi maso.

Malonda amenewa ali ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba mumagula kolo, yomwe ndi ufulu wogula sheya pamtengo wogwirizana, wokwera kuposa wa lero. Mwendo wachiwiri mumagulitsa puti, kutanthauza kuti mwalonjeza munthu wina kuti mudzamugula sheya yomweyo pamtengo wotsika kuposa wa lero, iye akadzafuna. Ndalama yomwe amakupatsani chifukwa cha lonjezolo ndi yomwe mumalipirira kolo ija. Kolo ndi ufulu, mutha kuitaya. Puti yogulitsa ndi udindo, ndipo wosankha ndi mwini wakeyo osati inu.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza. Sheya ili pa R100 lero. Kolo ya R110 ya miyezi itatu ikugulidwa R3.00, puti ya R90 ya tsiku lomwelo ikugulitsidwa R3.20. Pa JSE, msika wa masheya wa mu Joni muno, kontirakiti imodzi ya sheya imaimira masheya 100, ndiye mukatenga makontirakiti 10 mwagwira masheya 1,000. Mwalipira R3,000, mwalandira R3,200, mwatsala ndi R200 tisanachotse ya buloka.

Tsiku lotsekera likafika, lomwe pa JSE limakhala Lachinayi lachitatu la Malichi, Juni, Sepitembala kapena Disembala, sheya ija ikakhala pa R125 mwapeza R15 pa sheya iliyonse, R15,000 yonse. Ikakhala paliponse pakati pa R90 ndi R110, miyendo yonse iwiri yafa, mwatsala ndi R200 yanu ija. Apa pali kanthu komwe ambiri sakaona: mutha kulosera molondola, sheya n'kukwera kufika R108, inu osapeza kalikonse, pomwe wogula masheya enieni wapeza R8,000.

Tsopano itsike. Pa R70 mukukakamizika kugula pa R90 chinthu cha R70. R20 kuchulukitsa ndi 1,000, mwaluza R20,000, kuchotsapo R200 ija, R19,800. Ndalama yanu yonse yapita pa kutsika komwe sheya zambiri zimatsika popanda dziko kugwedezeka. Pa R40 ndi R50,000, ndipo R30,000 yapamwambayo buloka adzaifuna kwa inu. Kampani itagweratu, ndi R90,000. Choncho funso loyamba kudzifunsa si loti ndilipira zingati polowa ayi. Tengani mtengo wa puti, chulukitsani ndi masheya onse, muone ngati ndalama imeneyo muli nayo. Mu chitsanzo chathu mwasainira R90,000 muli ndi R20,000.

Wina anganene kuti sheya ya kampani yayikulu singagwe choncho m'miyezi itatu. Sasol inayamba chaka cha 2020 ili cha m'ma R300, pofika mu Malichi inatsika pansi pa R30, mitengo ya mafuta itagwa. Steinhoff mu Disembala 2017 inali pamwamba pa R40, mkulu wake Markus Jooste atatula pansi udindo ndipo nkhani ya mabuku a ndalama itaphulika, m'sabata yomweyo inafika pansi pa R10. Onsewa anali maina omwe anthu ankawadalira. Ndipo kugwa kotere sikutsika masitepe. Msika umatseka madzulo pa R100, m'mawa n'kutsegula pa R60, lamulo lomwe munapatsa buloka loti akutulutseni m'malondawa ikafika R88 osatheka pa mtengo umenewo.

Koma chomwe chimapha anthu ambiri si tsiku lotsekera, ndi chikole. Popeza mwagulitsa puti, buloka amakuuzani kuti muike ndalama ya chikole, yomwe iwo amati maajini, ndipo akaunti yanu imawerengedwanso tsiku lililonse msika ukatseka. Tinene kuti sabata yoyamba sheya yatsika kufika R92. Sinafike n'komwe pa R90, koma puti yomwe munagulitsa R3.20 tsopano ili cha m'ma R6, kolo yanu yafota kufika cha m'ma R1. Pa buku mwaluza pafupifupi R5,000, ndipo imeneyi imachotsedwa pompo. Puti imakwera mtengo pa zifukwa ziwiri: chifukwa sheya yayandikira, komanso chifukwa msika ukachita mantha aliyense amathamangira kugula chitetezo. Nthawi yomweyonso chikole chofunika chimatha kukwezedwa.

Mu Malichi 2020 ndinkasindikiza mndandanda wa maakaunti operewera chikole m'mawa uliwonse, ndipo tsamba limodzi linasanduka masamba anayi. Ndimakumbukira bambo wina yemwe tinamuimbira ali mu takisi, phokoso la hutala kumbuyo, akupempha kuti timudikire mpaka malipiro a pa 25. Malamulo sankalola. Masana omwewo malonda ake anatsekedwa pamtengo woipitsitsa. Patapita miyezi sheya yake inakweradi monga ankanenera, iye atatuluka kale. Zinandipweteka, chifukwa maganizo ake anali olondola, chinamusowa ndi ndalama yoti apirire nayo.

Mwina mwadabwa kuti bwanji puti ya R90 ikudula kuposa kolo ya R110 pomwe zonse zatalikira mofanana ndi R100. Pa masheya nthawi zambiri zimakhala choncho, chifukwa mitengo imakwera pang'onopang'ono koma imagwa mwadzidzidzi, ndipo eni masheya ambiri amafuna inshuwalansi. Ka R200 kaja si mphatso. Ndi malipiro a ntchito ya inshuwalansi yomwe mwavomera kugwira. Mukaona puti ikudula kwambiri kuposa kolo, dziwani kuti msika ukununkhiza china chake, mwina zotsatira za kampani zili pafupi kutuluka.

Amene njirayi imamuyenera ndi munthu woti R90,000 ali nayo pambali, ndipo angakondwe kugula masheyawo pa R90 n'kuwasunga zaka. Kwa iye puti ija ndi oda yogulira motchipa. Kwa inu, ndi R20,000 yomwe mwina ina ndi ya lendi kapena yotumiza kumudzi, makontirakiti 10 ndi ochuluka. Awiri okha ndi omwe ndalama yanu ingakwanitse, chifukwa R90 kuchulukitsa ndi 200 ndi R18,000.

Ngati mukufunabe masheya 1,000, tsekani dzenje la pansi. Onjezani mwendo wachitatu, mugule puti ya R80, yomwe ikukupatsani inuyo ufulu wogulitsa pa R80, tinene pa R1.30. Tsopano mukulipira R1,100 polowa m'malo molandira R200, koma sheya igwe mpaka ziro, simungaluze kuposa R11,100. Apo ayi gulani kolo yokhayo pa R3,000, mudziwe kuti zikavuta mwataya R3,000 basi ndipo palibe adzakuimbireni foni kufuna chikole. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga kolo yokha, makontirakiti asanu, R1,500. Musanasaine chilichonse, buloka akulembereni chikole choyambira pa kontirakiti imodzi, komanso maola omwe amakupatsani kuti muwonjezere ndalama asanakutsekereni.