Foni ikulemba "Connected, no internet": kuyamba kufufuza kuti?

"Abale ndithandizeni. Ndimachita lendi ku Mufakose, wayifayi ndi ya eni nyumba, timasonkha mwezi ndi mwezi. Kuyambira dzulo magetsi atayaka foni yanga ikungolemba Connected, no internet. Timizere tonse tadzaza, WhatsApp ikuyenda koma zina zonse ayi. Kodi foni yafa?"

Achemwali, foniyo musayiyimbe mlandu kaye, ndipo musathamange nayo kwa okonza mafoni m'tauni. Pa zomwe mwafotokozazi, maso anga ali pa mabokosi a eni nyumba.

Intaneti imafika pa foni yanu kudzera m'maulendo awiri. Woyamba ndi wochoka pa foni kukafika pa rauta, kabokosi kokhala ndi tinyanga kaja, ndipo ulendo umenewu ndi womwe timautcha wayifayi. Wachiwiri ndi wochoka pa rauta kupita kunja, kudzera pa faiba, pa waya wa telefoni kapena pa simukhadi, mpaka ku kampani yomwe mumalipira. Timizere todzaza tija timangokuuzani za ulendo woyamba basi. Zili ngati mwakwera kombi pa Mbare Musika, mwapeza mpando wabwino wa pawindo, koma kombiyo ilibe mafuta. Foni imadziwa bwanji kuti kombi sikunyamuka? Ikangolumikizana ndi rauta imatumiza kafunso kakang'ono kunja: ya Android imafunsa makina a Google, iPhone imafunsa captive.apple.com. Yankho lomwe ikuyembekeza likapanda kubwera, ndi pamene imalemba mawu mwawaonawo. Ndiye ntchito yathu ndi imodzi, kupeza kuti mwa maulendo awiriwa waduka ndi uti.

Choyamba zimitsani Mobile data. Ndikuganiza kuti WhatsApp yanu sikuyendera wayifayi n'komwe. Mafoni ambiri akaona kuti wayifayi ilibe intaneti amabwerera okha mwakachetechete ku deta ya pa simukhadi, ndipo ngati muli ndi bandulo ya WhatsApp yokha, monga ambirife kuno, WhatsApp imayenda zina zonse n'kuima. Mukazimitsa deta WhatsApp n'kuimanso, mwadziwa kuti wayifayi sikutulutsa kanthu kalikonse.

Kenako gogodani kwa aneba a chipinda chinacho, nawonso azimitse deta, atsegule tsamba lililonse. Sitepe imeneyi anthu amaidumpha, chonsecho ndi yomwe imadula nkhani pakati. Ngati onse pakhomopo zikukana, siyani kugwiragwira Settings, vuto lili pa rauta kapena kuseri kwake. Ngati ndi inu nokha, dumphani ndime zotsatirazi mukawerenge kumunsi komwe ndikunena za foni imodzi.

Tinene kuti ndi nonse. Pemphani eni nyumba akuonetseni mabokosi. Makomo ambiri a faiba amakhala ndi awiri: kamodzi komwe kamalowa kachingwe kowonda kochokera panja, ndi rauta yomwe imafalitsa wayifayi. Pa koyambako yang'anani magetsi awiri olembedwa PON ndi LOS. Zinthu zikakhala bwino PON imayaka mosaphethira, LOS imakhala yozima. LOS ikamayaka kapena kuphethira mofiira ndiye kuti kuwala sikukufika m'chingwe: chaduka penapake, chapindika kwambiri, kapena chasololoka pomwe chimalowera. Onani ngati chalowa bwino ndipo sichinapanidwe ndi kabati, koma musasuzumire m'kamwa mwake, kuwala kwake sikuoneka koma kumapweteka maso. Kupitirira apo ndi ntchito ya amisiri a kampani, palibe batani lomwe mungadine. Ngati ndi intaneti ya pa waya wa telefoni, getsi lake ndi DSL, ndipo likamangophethira osakhazikika ndiye kuti laini sikugwira. Ngati ndi rauta ya simukhadi, onani timizere ta netiweki pa rautayo, chifukwa magetsi akathima nthawi yaitali nsanja ya m'dera lanu nayo mabatire amatha.

Nkhani ya magetsi mwaitchulayi ndiimire pang'ono, chifukwa ku Harare kuno ndi yomwe imasokoneza kwambiri. Ena amaika rauta yokha pa batire kapena pa sola, kabokosi ka faiba n'kukasiya pa soketi ya khoma. Magetsi akathima wayifayi imaonekabe yodzaza, koma kuseri kulibe kanthu. Ndiponso magetsi akabwerera, mabokosi onse awiri amadzuka nthawi imodzi, rauta n'kufulumira kupempha kunja adiresi, nambala yoizindikiritsa pa intaneti, mnzake asanakonzeke, ndipo ina imangokhala choncho osayesanso bwino. Mankhwala ake ndi kuyatsa mwa ndondomeko. Zulani onse awiri ku magetsi, dikirani theka la mphindi, yatsani ka faiba kokha, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka PON itakhazikika, ndiyeno yatsani rauta.

Zikakanabe, lowani mu rautayo muone chomwe ikunena yokha. Pa foni pitani ku Settings, Wi-Fi, dinani dzina la wayifayi yanu, mupeze mzere wolembedwa Gateway kapena Router. Kawirikawiri pamakhala 192.168.1.1, 192.168.0.1, kapena 192.168.8.1 pa marauta ambiri a simukhadi a Huawei. Lembani nambalayo pamene mumalemba dzina la tsamba. Mawu olowera amakhala pa pepala lomatidwa kunsi kwa rauta ngati eni ake sanasinthe. Mkatimo funani Status kapena WAN.

Pakhomo pena ku Highfield ndinakapeza zofanana ndi zanuzi. Mafoni onse ankalemba chimodzimodzi, PON inali yokhazikika, LOS yozima, ndalama za mwezi zinali zolipira. Kuyatsa mwa ndondomeko sikunathandize. Titalowa mu rauta, pa WAN panalembedwa Disconnected, adiresi yake 0.0.0.0, kutanthauza kuti rauta sinalandire kalikonse kuchokera kunja ngakhale kuti faiba inali yamoyo. Ndiye malo oti tikayikire anatsala amodzi, chingwe chachifupi cholumikiza mabokosi awiriwo. Kuseri kwa rauta kuli mabowo angapo ofanana kukula kwake, koma limodzi ndi losiyana mtundu ndipo lalembedwa WAN kapena Internet, enawo LAN. Magetsi atathima, mnyamata wa pakhomopo ananyamula mabokosi kukawaika pafupi ndi batire, ndipo pobwezera mu mdima analowetsa chingwe mu LAN. Titachisunthira mu WAN, pasanathe mphindi imodzi adiresi inabwera. Funsani ngati dzulo pali yemwe anasuntha mabokosi anuwo.

Nanga ngati magetsi onse ali bwino, WAN ikuonetsa kuti yalumikizana, koma masamba sakutseguka? Apa pafunika kufunsa funso lochititsa manyazi lija: kodi eni nyumba analipiradi? Mapulani ambiri kuno ali ndi malire a magigabaiti kapena tsiku lothera, ndipo pakhomo pa anthu ambiri bandulo imatha mwezi usanathe, makamaka pakakhala wailesi ya kanema yomwe imadya deta usiku wonse. Bandulo ikatha, chingwe chimakhalabe chamoyo, kampani imangotseka njira. Makampani ena amakutumizani ku tsamba lawo loti muwonjezere ndalama, koma tsambalo silitulukira mukatsegula malo otetezedwa monga Google kapena Facebook. Lembani neverssl.com, ngati pali tsamba lotere lituluka. Njira yomweyi imagwiranso pa wayifayi ya mavocha kapena ya malo odyera, pomwe foni imalumikizana koma ikudikira kuti mulowetse nambala. Funsani mwaulemu kuti akuonetseni zotsala pa akaunti, si kukayikira munthu, tonse timaiwala tsiku.

Pakakhala laputopu ya Windows pakhomopo, pali kuyesa kwina kwachangu. Tsegulani Command Prompt mulembe izi, mzere umodzi umodzi:

```
ping 8.8.8.8
ping google.com
```

Mizere yonse iwiri ikakana, njira yakunja ndi yotseka. Woyamba ukayankha Reply from koma wachiwiri n'kunena kuti could not find host, intaneti ilipo, chomwe chafa ndi DNS, makina omwe amasintha dzina la tsamba kukhala nambala. Zikatero kuika 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 pa malo a DNS mu rauta kumatsegula njira.

Tsopano ngati ndi foni yanu yokha. Pitani ku Settings, Wi-Fi, dinani dzina la wayifayi yanu, muone IP address. Ikayamba ndi 192.168 kapena 10, rauta yakupatsani malo. Ikayamba ndi 169.254, foni yadzipatsa yokha nambala chifukwa rauta sinayankhe, ndipo zimachitika pa marauta ang'onoang'ono omwe adzaza anthu, kapena omwe asokonezeka ndi magetsi. Kuzimitsa ndi kuyatsa rauta nthawi zambiri kumathetsa. Onaninso kuti IP settings ili pa DHCP, osati Static yomwe wina anakuikirani kuntchito.

Adiresi ikakhala yabwino, zimitsani VPN ngati muli nayo, makamaka timapulogalamu tija ta intaneti yaulere timene anyamata amaikirana, chifukwa tikafa timatseka njira yonse chizindikiro cha wayifayi chili chiyakire. Mu Settings funani Private DNS muike pa Automatic kapena Off. Yang'anani tsiku ndi nthawi, foni ikabwerera m'mbuyo zaka masamba otetezedwa amakana.

Chotsala ndi chomwe chimavuta kwambiri pa wayifayi yosonkherana. Eni nyumba ambiri amalembetsa mafoni a omwe alipira pogwiritsa ntchito nambala ya foni yotchedwa MAC address, ndipo marauta ena amalola foni yosalembetsa kulumikizana koma osaipatsa intaneti. Kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, mafoni amabisa nambala yawo yeniyeni n'kupereka yongopeka pa wayifayi iliyonse, ndipo pa mafoni ena yongopekayo imatha kusintha. Ikasintha, rauta imakuonani ngati mlendo. N'chifukwa chake sindifulumira kuuza anthu a lendi kuti adine Forget network, ngakhale kuti ndi malangizo omwe aliyense amapereka. Yambani mwayerekeza nambala yomwe foni ikuonetsa pa wayifayiyo ndi yomwe ili pa mndandanda wa eni nyumba. Zikasiyana, pa Android sankhani Use device MAC kapena Phone MAC, pa iPhone zimitsani Private Wi-Fi Address pa wayifayi yokhayo, n'kuwapatsa nambala yeniyeniyo alembetse.

Kabowo kakang'ono kolembedwa Reset kuseri kwa rauta musalole wina kukabaya ndi singano. Si kuzimitsa ndi kuyatsa ayi, kumafufuta zonse, kuphatikizapo dzina ndi pasiwedi zomwe rauta imalowera nazo ku kampani, ndipo eni nyumba ambiri sanazilembe paliponse. Mukafika poimbira kampani, khalani ndi nambala ya akaunti m'manja, muwauze kuti ndi mafoni onse kapena imodzi, PON ndi LOS zikuyaka motani, komanso pa WAN palembedwa chiyani. Mukayesa izi mubwere mutiuze zitatu zomwezo, tipitirire pamenepo.