Gulu kapena bulodikasiti: makasitomala a mbatata muwauze bwanji?

"Ndimapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Lizulu n'kumaperekera anyamata a chiwaya ndi malesitilanti. Makasitomala anga a pa WhatsApp akwana 180, ndipo katundu akafika ndimatopa kuwalembera mmodzimmodzi. Mwana wanga akuti nditsegule gulu, mnzanga akuti bulodikasiti. Nditenge chiti?"
Mayi a ku Lizulu, Ntcheu

Mayi, mverani mnzanuyo. Pa geni ngati yanuyi bulodikasiti, yomwe ndi njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri koma aliyense n'kuulandira payekha, ndiyo yoyenera, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi manambala 180 amene muli nawowo. Mwawatolera pang'onopang'ono, ena mwachita kuwapatsa katundu pa ngongole kuti akuzolowereni. Amenewo ndi mpamba, monga ndalama yopikulira ija.

Mukawaika pa gulu limodzi, aliyense amaona nambala ya mnzake. Wogulitsa mbatata wina akangolowamo, kapena kasitomala mmodzi akamuonetsa foni, basi wapeza msika wanu wonse popanda kukhetsa thukuta. Mawa lake awalembera kumbali kuti iye thumba watsitsako. Choopsa china ndi akuba a pa foni: munthu amatenga chithunzi chanu, n'kulembera makasitomala kuti mwasintha nambala, ndalama atumize kwina pa Airtel Money kapena Mpamba. Ena adzakuuzani kuti mungotseka gululo kuti muzilemba inu nokha. Zimenezo zimathetsa phokoso la mavidiyo ndi mauthenga a m'mawa, koma manambala amaonekabe.

Palinso nkhani ya mitengo. Wa lesitilanti wotenga matumba 10 simumuuza mtengo umodzi ndi mnyamata wa chiwaya wotenga ndowa ziwiri. Pa gulu, mmodzi akanenerera n'kutsitsiridwa, onse aona, ndipo onse afuna chimodzimodzi. Wina akapeza mbatata yowola pansi pa thumba, dandaulo lake liwerengedwa ndi anthu 179 musanayankhe n'komwe. Pa bulodikasiti mumalemba kamodzi, koma aliyense amaulandira ngati mwamulembera iye yekha, ndipo akayankha yankholo limabwera kwa inu nokha.

Kupanga kwake n'kosavuta. Pa foni ya Android, tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu tapamwamba kumanja, sankhani New broadcast, kenako musankhe mayina. Mndandanda umodzi umalowa anthu osapitirira 256, ndiye anu onse akwanamo. Komabe ine ndikadakhala inu ndikadapanga iwiri, wa achiwaya ndi wa malesitilanti, kuti aliyense azimva mtengo womukhudza.

Tsono apa ndi pamene ambiri amagwa nayo. Uthenga wa bulodikasiti umangofika kwa munthu amene anasunga nambala yanu m'foni mwake. Kuti inu munasunga yake sizikwanira. Ndipo foni siikuchenjezani. Mumangoona ngati anthu akunyalanyazani, pamene uthengawo sanauone n'komwe, mbatata ikufota m'matumba.

Choncho musadikire tsiku la katundu. Tumizani uthenga woyesa, mudikire mpaka mawa lake, popeza ambiri amagula bandulo ya tsiku limodzi n'kutsegula madzulo okha. Kenako dinikizani uthengawo, musankhe Info, muone amene wawafika. Tinene kuti wafika kwa 110, atsala 70. Pa 70 amenewo pali mitundu iwiri ya anthu, ndipo muwasiyanitse motere: lemberani aliyense mwachindunji. Chizindikiro chochonga chikaoneka chimodzi chokha pa uthenga wanuwo, ndiye kuti foni yake ndi yozima kapena alibe bandulo. Zikaoneka ziwiri, pamene wa bulodikasiti uja sunamufike, dziwani kuti sanakusungeni. Ameneyo mumuuze mosabisa kuti, "Achimwene, sungani nambala yangayi, apo ayi simudzamva katundu akafika." Akabwera kudzatenga mbatata, asunge inu mukuona. Ndi ntchito yotopetsa sabata yoyamba, koma imachitika kamodzi. Mukadzasintha nambala, ntchitoyi idzayambiranso, ndiye nambala ya geni muisamale.

Uthengawo ukhale waufupi, wonena zonse: mbatata yafika liti, ndi yaikulu kapena yapakati, thumba ndi ndowa zili pa bwanji, mwaima pati, komanso nambala yolipirira ndi dzina limene limatuluka potumiza ndalama. Chithunzi chimodzi chakwana. Muzitumiza pokhapokha pali katundu kapena mtengo wasintha, chifukwa wolandira mauthenga tsiku ndi tsiku amatopa n'kukutsekani.

Mwana wanu sanalakwitse kotheratu. Gulu limathandiza pamene anthuwo akufunika kulankhulana okhaokha. Ngati muli ndi makasitomala asanu kapena asanu ndi mmodzi a ku Blantyre amene amasonkherana galimoto imodzi, atsegulireni kagulu kawo kuti azigwirizana za tsiku ndi ndalama ya thiransipoti. Koma mitengo ndi ngongole za munthu musazitchule mmenemo. Zimenezo muzikambirana naye kumbali.