Bambo osalankhula amathokozedwa ndi mfunda wawo

"Agogo, ndimagwira ntchito ku Lilongwe, bambo anga ndi msodzi ku Chia, ku Nkhotakota. Sanandiuzepo kuti amandikonda. Tsiku la abambo likubwera. Ndiwalembere zotani kuti nawonso atsegule mtima?"

Mdzukulu wanga, ukanafunsa kuti bambo amathokozedwa bwanji, chifukwa apa ndi pamene ana a lero mwataya njira. Kutsegula mtima ukunenako, bambo ako anayamba kalekale, koma ankatsegula ndi nkhafi, osati ndi pakamwa.

Kale mwana akapatsidwa kanthu, kaya nsalu kaya mutu wa kampango, sankangoti zikomo n'kuthawa. Ankagwada chapatali pang'ono, kuwomba m'manja mofukusa, n'kutchula mfunda: "Zikomo Phiri." Kukacha ankabweranso kudzathokoza za dzulo. Bambo ankangoti "Zikomo Naphiri," maso ali pa ukonde umene akusoka, koma mawu awiriwo ankakwana. Mfunda umauza munthu kuti ukudziwa kumene unachokera, ndipo mwamuna wouma mtima chotani, akamva mfunda wake pakamwa pa mwana wake wamkazi, amafewa. Lero mumaika chithunzi cha bambo pa foni kuti anzanu a m'tauni aone, eni ake ali padooko ndi kafoni ka mabatani, osadziwa n'komwe kuti atamandidwa.

Tsiku la abambolo limakhala Lamulungu lachitatu la mwezi wa Juni, nthawi ya mwera, pamene asodzi amabwerako kunyanja manja atauma ndi chisanu. Mphatso yako iyankhe chisanucho. Jekete lochindikala, chipewa chofika m'makutu, paketi imodzi ya shuga ndi majani a tiyi zikwanira. Ukangotumiza ndalama pa foni, mawa zigula mafuta a nyali kapena ulusi wa ukonde, ndipo pofika Lachitatu palibe chokumbutsa kuti mwana anathokoza.

Ngati ungathe kupita, pita. Uyambe wanong'oneza amayi ako, iwo ndiwo amadziwa ngati kunyanja kwayenda bwino sabata imeneyo. Usawapeze bambo m'mawa akungotsika m'bwato, tulo tili m'maso, ndiponso usawatsate pa bawo pali anzawo, chifukwa pagulu adzakuyankha ndi nthabwala kuti abise manyazi. Dikira madzulo adye kondoole, asambe m'manja, akhale pakhonde. Pamenepo gwada, upereke mphatso ndi manja awiri, ulankhule.

Mawu akhale ochepa, ndipo atchule chinthu chimodzi chenicheni chimene iwo anachita. Tinene kuti chaka chimene unkalemba mayeso a Fomu 4 anagulitsa matumba a mpunga amene ankasungira banja kuti ulipire sukulu. Unene chonchi: "Bambo, ndabwera kudzathokoza. Chaka chija munagulitsa mpunga kuti ine ndilembe mayeso, ndinaona, ndipo sindinaiwale. Ntchito ndikugwirayi ndi mpunga umenewo. Zikomo Phiri." Basi, usawonjezere. Ulendo ukakanika, mawu omwewo uwanene pa foni madzulo, kenaka uwatumizenso ngati uthenga waufupi woti ukwane pa kafoni kawo, kuti aziwerenga okha akakhala paokha. Koma udziwe kuti maso akavuta amapatsa mdzukulu kuti awawerengere, choncho usalembe chimene sungafune kuti mwana wa Sitandade 6 awerenge mokweza.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi kuyamba ndi "ndimakukondani kwambiri" popanda chotsamira. Bambo amene sanazolowere mawu amenewa amadzidzimuka, amaganiza kuti wadwala, kapena uli ndi pakati, kapena ntchito yatha. Ukamva akufunsa kuti "Kwagwanji?" dziwa kuti walumpha chitsa. Chinanso, usasakanize kuthokoza ndi pempho. Ukathokoza lero n'kupempha ndalama ya lendi mawa, zikomo yako yasanduka nyambo. Ndipo madandaulo oti simunandiuzepo zakutizakuti uwasiye ku Lilongwe komweko, chifukwa bambo akamva ngati akuzengedwa mlandu amadzuka n'kupita kukaona bwato.

Ukatha kulankhula padzakhala chete, ndipo cheteyo usamudzaze ndi mawu. Mwina adzakhosomola, mwina adzati "Chabwino," kenaka n'kufunsa ngati ufa ulipo kunyumba kwako. Usakhumudwe, funso la ufalo ndiye yankho. Uyang'ane masiku otsatira: jekete lija adzalivala popita kokapemphera ngakhale dzuwa litawala, amayi ako adzakuuza kuti anaonetsa anzawo onse padooko, ndipo sabata isanathe kondakitala wa minibasi ya ku Nkhotakota adzakuimbira kuti ukalandire kathumba ka usipa wouma ku depoti. Ukalandira, m'mawa mwake uimbe foni uthokoze za dzulo, mfunda osauiwala.