Bajeti ya tsiku pa adi yoyamba ya pa Facebook

"Guluu, ndimagulitsa nsapato ku Lilongwe, pa khadi ndili ndi madola 30 okha ndipo sindinapangeko adi chiyambire. Ndiziika zingati pa tsiku?"

Achemwali, ikani madola 3 pa tsiku kwa masiku 7, ndiye kuti 21 yapita, 9 yotsalayo muisunge kaye. Sabata yoyambayi musaiwerengere phindu ayi, ndi yoti mudziwe kuti munthu mmodzi wokulemberani pa WhatsApp akukudyerani zingati, poti pano nambala imeneyo mulibe ndipo ya munthu wina siingakuthandizeni, katundu wake ndi wina.

Koma musanayatse, khalani pansi ndi cholembera. Tinene kuti pa peya imodzi mumapindula K8,000 mukachotsa oda ndi thiransipoti, ndipo mwa anthu 10 ofunsa mtengo amagula ndi mmodzi, enawo ndi aja a "zingati?" kenako zii. Ndiye kuti meseji imodzi ikafika K800 mwangogwira ntchito yaulere, kuti muone kanthu izikhala cha m'ma K400 kutsika. Powerengera mu makwacha muzitenga ndalama imene banki yadula zenizeni pa akaunti, ndi machaji omwe, osati reti yongomva kwa anthu.

Pomwe ambiri amaonongera ndi kugawa kandalama kochepako, dola ku Blantyre, dola ku Mzuzu, ina ku malaiki. Inu pangani kampeni imodzi basi, cholinga chikhale mameseji, dera likhale Lilongwe komwe mungathe kukapereka katundu, zithunzi ziwiri zokha ndipo mtengo ulembedwe pachithunzipo kuti amene alibe ndalama asavutike kudina. Facebook imafuna zotsatira pafupifupi 50 pa sabata kuti idziwe bwino anthu oyenera kuwaonetsa, ndiye ndi madola 3 mwina simufikapo, mukaona mu Ads Manager, momwe mumayendetsera adi, palembedwa Learning limited musachite mantha, adi ikuyendabe. Komanso tsiku lina mudzapeza yadya 5 m'malo mwa 3, amaloledwa kupyola mpaka 75% pa tsiku koma pa sabata yonse sapitirira 21 ija.

Masiku 4 oyamba manja m'thumba, chonde. Kusintha chithunzi kapena dera kumayambitsanso kuphunzira kuja pachiyambi, ndalama n'kumangopita. Tsiku lachisanu yang'anani Cost per result, ndiwo mtengo wa meseji imodzi uja, komanso mukhale mukulemba m'kope amene alemba ndi amene alipiradi, chifukwa Facebook siiona ndalama yolowa pa Mpamba kapena Airtel Money yanu.

Ngati madola 12 atha koma mameseji sanakwane ndi asanu omwe, zimitsani, vuto ndi chithunzi kapena mtengo, kuwonjezera ndalama sikukonza. Mameseji ambiri koma wogula palibe, onani ngati mukuyankha msanga. Zikayenda bwino ndi pomwe 9 ija ilowe, kwezani pang'ono kufika 3.50 kaye, osalumphira pa 10.