Fungo la chigafa m'tambula ya vinyo

"Zikomo akulu. Ndimagwira ntchito yoperekera zakumwa pa loji ina kuno ku Mchinji. Alendo akandifunsa kuti vinyo uyu ndi wotani, ndimangoti ndi wabwino, kapena ndi wowawasa pang'ono. Zolembedwa kuseri kwa botolo zimatchula zipatso zomwe sindinazionepo chibadwire. Kodi mphuno imaphunzitsika, kapena zimenezi ndi zobadwa nazo?"

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinayamba kupsa mtima. Osati ndi inu ayi. Ndinakumbuka tsiku lina ndili mnyamata, nditangoyamba ntchito pamalo ena odyera alendo, mkulu wathu atatiimika pamzere ndi matambula m'manja. Anathira vinyo wofiira, nati aliyense anene chomwe akumva. Anzanga anali ataloweza mawu a pa botolo, ndiye anangowalakatula ngati ndakatulo ya sitandade 4. Itafika nthawi yanga ndinanunkhiza, ndipo chomwe chinabwera m'mutu ndi chigafa cha bambo anga kwathu ku Kasungu, mmawa wa mwezi wa Epulo, fodya atafewa ndi chinyezi cha usiku. Ndinanena zomwezo. Anthu anafa nalo phwete. Mkuluyo anati kuno si kumunda.

Ndinakhala zaka ziwiri osatsegulanso pakamwa pa nkhani ya vinyo. Kenako ndinadzamva mlendo wina, wodziwa zinthu, akuuza mkazi wake kuti vinyo wofiira wokhalitsa amene ankamwa akumveka fungo la tsamba la fodya wouma. Ndinatsala pang'ono kugwetsa thireyi. Munthu wolipira ndalama zambirimbiri akunena zomwe ine anandisekera! Kusiyana kwake kunali kwakuti iye fodyayo mwina ankamudziwira mu ndudu, pamene ine ndinakulira momwemo, kumusoka, kumupachika, kumusankha mpaka zala kuda ndi phula lake.

Bambo anga sanalaweko vinyo moyo wawo wonse, anali mkulu wa mpingo. Koma ankalowa m'chigafa usiku wopanda nyali, n'kuima pakhomo, n'kunena kuti mzere wakumapeto uko wayamba kuola, tsitsani mawa. Tikapita mmawa tinkapezadi nkhungu pa mitsempha ya masamba. Ankasiyanitsa bale wouma ndi mphepo ndi fodya wochita kuwamba ndi utsi asanamuone n'komwe. Kodi anabadwa nazo? Ayi. Ananunkhiza chinthu chomwecho zaka makumi atatu, ndipo fungo lililonse anali nalo dzina, chifukwa kulakwitsa kunali kutaya belo lathunthu ku okushoni. Amayi anu akatsegula chidebe cha thobwa n'kunena kuti wagona uyu, mawa akhala mowa, akuchita zomwezo.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa, ndipo sindisintha: vuto lanu si mphuno. Vuto ndi mayina. Lilime palokha limadziwa zochepa kwambiri, kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kuja kwa msuzi wa nyama. Zina zonse zomwe timati kukoma zimadutsira kukhosi kupita kumphuno, n'chifukwa chake mukadwala chimfine nsima ndi ndiwo zimangokhala ngati thonje. M'mphunomo muli mitundu pafupifupi 400 ya timalo tolandirira fungo, zomwe maziko ake anatulukira Linda Buck ndi Richard Axel, amene analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2004. Inu muli nato, mzungu wolemba kuseri kwa botolo ali nato. Koma fungo likabwera lokha, chinthu chake osachiona, dzina limathawa. Yesani lero: tsinzinani, mwana akuikireni pamphuno khoko la lalanje kapena ufa wa mtedza. Mudzati, ichi ndikuchidziwa, dikirani, dikirani... dzina osabwera. Pamenepo ndiye pofunika ntchito.

Ndipo zondinyansa ndi anthu amene amaloweza zipatso za ku Ulaya zomwe sanazigwirepo. Ndi bodza, ndipo mlendo wodziwa amakugwira msanga. Wolemba pa botoloyo anatchula zipatso za kuseri kwa nyumba ya agogo ake, basi. Ngakhale mayi amene anakonza gudumu lotchuka la mafungo a vinyo, chithunzi chozungulira chosanja mayina a mafungowo, mu 1984, Ann Noble wa ku yunivesite ya California ku Davis, mfundo yake inali yoti mawu aliwonse akhale a chinthu chomwe munthu angachigwire n'kuchinunkhiza, osati mawu ngati "wapamwamba" kapena "waulemu". Ophunzira ake ankanunkhiza zinthu za m'khitchini zoviikidwa mu vinyo. Khitchini yawo inali ya ku America. Yanu ili ku Mchinji, muli magwafa, magalagadeya, bwemba, malambe, masuku, utsi wa pa mbaula, chiponde, ndi fumbi lija la mvula yoyamba.

Musaganize kuti kufananitsaku ndi nthano chabe. Nthawi zambiri chinthu chomwe chikununkhira mu vinyo ndi chomwecho chili m'chakudya. Fungo la tsabola wobiriwira uja wosawawa, amene timadulira m'mazira, limachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa pirazini, ndipo omwewo amapezeka mu mphesa za Kabeneti, makamaka zikakololedwa zisanapse bwino. Tsabola wakuda wothira pa nyama ali ndi rotundoni, ndipo akatswiri a ku Australia anatsimikiza mu 2008 kuti ndi yemweyo amene amamveka mu vinyo wina wa mphesa za Shirazi. Fungo la nthochi yakupsa kwambiri limapangidwa ndi yisiti pofufumitsa, ndipo limakonda kumveka mu Pinotaji wosakhalitsa, mphesa ija ya ku South Africa yomwe Abraham Perold anaikweretsa ku Stellenbosch. Vinyo woyera wa Sovinyo kawirikawiri amamveka magalagadeya ndi magwafa, ndipo pa magwafa palibe Mngelezi angakuposeni.

Ndapatuka kwambiri, pepani. Mkazi wanga amati ndikayamba za chigafa ndiye kuti ndiwo zipserera.

Matambula anayi

Gulani vinyo wofiira wotchipa, wa m'katoni uja, wosatsekemera. Akhale wopanda khalidwe, chifukwa ntchito yake ndi kunyamula fungo basi. Tengani matambula anayi ofanana, muthire masupuni awiri aakulu m'iliyonse. Mu yoyamba ponyani kachidutswa ka tsabola wobiriwira kofanana ndi chikhadabo. Mu yachiwiri njere ziwiri za tsabola wakuda zophwanya ndi supuni. Mu yachitatu kagawo kopyapyala ka nthochi ya madontho akuda. Yachinayi musaikemo kanthu, ndipo imeneyi ndiye yofunika kuposa zonse, chifukwa ndi imene imakuuzani fungo la vinyo payekha. Vindikirani ndi sosala, dikirani mphindi 30, vuulani zonse ndi kusefa kuti maso asakuthandizeni. Lembani mayina pa timapepala pansi pa matambula, ndipo mnzanu awasokoneze inu mutatembenuka.

Tsopano chotsani sosala, pukusani pang'ono, nunkhizani kawiri kapena katatu mofupikitsa, ngati galu, osati kukoka mpweya wautali. Tchulani dzina mokweza musanayang'ane pepala. Kutchula mokwezako musakusiye, chifukwa mumtima aliyense amakhoza. Pakati pa tambula ndi inzake nunkhizani mkono wanu n'kupuma pang'ono, popeza mphuno imazolowera fungo msanga n'kuleka kulimva, monga mmene simumvera fungo la m'nyumba mwanu.

Ine ulendo woyamba nthochi ndinaipeza nthawi yomweyo, tsabola wobiriwiranso, koma wakuda ndinamusokoneza ndi tambula yopanda kanthu. Ndinabwereza sabata yotsatira ndi njere zitatu, ndinamupeza, kenako ndinabwerera pa ziwiri, mpaka pa imodzi. Njira yake ndi imeneyo: mukakhoza katatu motsatizana, chepetsani chidutswa kapena nthawi ndi theka. Mukafika poti tsabola wobiriwira woviika mphindi zisanu zokha mukumuzindikira, pemphani kadontho kotsala ka Kabeneti weniweni pa ntchito, muike pambali pa tambula yanuyo. Tsiku limenelo mudzaseka nokha. Koma tsabola wakuda akakukanikani mu Shirazi mpaka kalekale musadzimenye, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu samva rotundoni ngakhale atachuluka bwanji. Pamenepo ndiye pali zobadwa nazo.

Zolakwika ndinazichita zonse. Ndinasiyapo tsabola usiku wonse, mmawa nyumba yonse inali tsabola, ndipo phunziro lotere siliphunzitsa kanthu chifukwa mu vinyo weniweni fungolo limanong'ona. Ndinatsukapo matambula ndi sopo wonunkhira, zonse zinayi zinamveka mandimu. Mafuta odzola m'manja, utsi wa mbaula, nsomba ili pamoto, zonsezi zimalowa m'tambula. Ndipo kutentha kwa Okutobala kumachititsa vinyo kununkha ukali wa mowa wokhawokha, choncho muziyamba mwaviika katoniyo m'madzi ozizira.

Mafungo oipa ndiwo adzakupulumutseni pa ntchito kuposa okoma. Nyowetsani chidutswa cha katoni, chisiyeni m'jumbo masiku awiri, nunkhizani: vinyo akamveka choncho ndiye kuti chitsekero cha khungwa chamuononga, bwezani botolo mlendo asanalawe. Dontho la viniga m'masupuni awiri a vinyo likuphunzitsani botolo lomwe lakhala lotsegula masiku ambiri pa shelefu.

Za mowa waukali, nanga ndatsala pang'ono kuiwala. Wisiki, bulande ndi jini kawirikawiri zimakhala cha pa 40 peresenti, ndipo mukalowetsa mphuno ngati mu vinyo imaotcha n'kufa dzanzi. Thirani supuni imodzi ya mowa ndi imodzi ya madzi kuti utsike kufika cha pa 20, musapukuse, nunkhizirani chapatali milomo itatseguka pang'ono. Pambali ikani vanila wa makeke ndi shuga wopserera pa supuni, chifukwa bulande ndi wisiki zimatenga mafungo amenewa m'migolo ya mtengo wa oki yowaulidwa mkati. Pa jini yambani ndi khoko la ndimu ndi masamba a paini ofikisa m'manja. Wisiki wina wa ku Scotland amamveka utsi chifukwa chimera chake amachiumitsa pa utsi, ndiye nunkhizani malaya omwe munaothera moto dzulo. Mutu wa kachasu, woyamba kudontha uja, umamveka ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndipo fungo limenelo mukalipeza lochuluka m'botolo lililonse dziwani kuti sanatcheze bwino. Koma mphuno musaiyese dokotala: methano, amene amachititsa khungu, amanunkha pafupifupi ngati mowa wamba, simungamugwire ndi kununkhiza.

Chitani matambula anayiwo kawiri pa sabata, muzisintha zinthu zitatuzo, muzilemba m'kope. Pa gwafa ndi magalagadeya mugwiritse vinyo woyera. Fodya wa bale mukamufuna muviike kansonga ka tsamba mphindi zochepa, koma tambula imeneyo ndi yonunkhiza yokha, musamwe. Ndipo mundilembere za bwemba, ine mpaka pano ndimamusokonezabe ndi malambe akalowa mu vinyo.