Foni imodzi, filimu yosatha: ndiwauze chiyani ana Lachitatu?

Funso: Ndine mphunzitsi woyang'anira kalabu ya makatuni pasukulu yathu ya sekondale. Tili ndi foni imodzi yokha, yanga. Ana anayamba filimu ya mphindi zisanu ya zithunzi zodula pamapepala teremu yatha, koma ikutuluka yogwedezeka, pena kuwala pena mdima. Agwa ulesi, akuti popanda kamera ndi kompyuta sizitheka. Lachitatu ndikufuna kuwalankhula. Ndiwauze chiyani, nanga foniyi ingakwanitsedi?

Yankho: Aphunzitsi, foniyo ikwanitsa, ndipo ine amene ndimatsegula mafoni tsiku ndi tsiku ndikutsimikizireni kuti ilibe vuto. Chagwetsa ana ulesi ndi kutalika kwa filimu imene anasankha, komanso zinthu ziwiri zazing'ono zimene mungakonze masana amodzi. Choncho Lachitatulo musalowe ndi mawu okoma okha. Tengani choko, muyambe ndi masamu pabolodi, chifukwa mwana amalimba mtima akaona pamene ntchito ikathere.

Masamu ake ndi awa. Kuti chithunzi chioneke ngati chikuyenda bwino, pamafunika zithunzi 12 pa sekondi iliyonse. Mphindi zisanu ndiye kuti zithunzi 3,600. Ana ongoyamba kumene amatha pafupifupi mphindi imodzi pa chithunzi chimodzi, kusuntha kapepala, kuchotsa dzanja, kujambula, n'kuonanso. Ngati mumakumana maola awiri pa sabata, theka la ola limapita pokonza malo, ndiye mumatsala ndi zithunzi 90. Gawani 3,600 ndi 90, mupeza masabata 40. Anawo sanachite ulesi ayi, anasenza mtolo wa pafupifupi chaka chonse cha sukulu. Koma filimu ya mphindi imodzi ndi zithunzi 720, masabata 8, ndipo imatha teremu isanathe. Ndikanakhala ine, ndikanaima patsogolo pawo n'kunena motere:

"Ana inu, filimu yathu sinakanike chifukwa cha foni. Tinayeza molakwika. Lero tidula nkhani yathu kuti ikhale ya mphindi imodzi: munthu mmodzi, chinthu chimodzi chimene akufuna, ndi chimodzi chomutchinga. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumva kuwawa, chifukwa mbali imene munaikonda ichotsedwa. Isungeni mu envulopu, ndi ya filimu yachiwiri. Pabolodi pano ndalemba 720. Lachitatu lililonse tizichotsapo 90, ndipo wojambula chithunzi chomaliza cha tsikulo ndiye azifufuta nambala n'kulemba yatsopano. Ku Germany kunali mayi wina dzina lake Lotte Reiniger. Ankadula anthu ndi nyama pamakatoni ndi sizasi, n'kumazisuntha pang'onopang'ono pansi pa kamera, chithunzi chimodzi chimodzi. Filimu yake yaitali inatuluka mu 1926 atagwira ntchito pafupifupi zaka zitatu, ndipo anthu akuionerabe. Iye sankatha kuona zimene wajambula mpaka filimu itatsukidwa. Inu mumadina kamodzi n'kuona nthawi yomweyo. Pa sabata lachisanu ndi chinayi tiitana sukulu yonse, ndipo mayina anu onse adzakhala kumapeto."

Mawu amenewa agwira ntchito pokhapokha ana ataona tsiku lomwelo kuti zithunzi zasintha. Ndiye mukatha kulankhula, konzani nawo zinthu ziwiri zija.

Kugwedezeka kumabwera chifukwa foni imasuntha pakati pa chithunzi china ndi chinzake, ngakhale pang'ono chabe ngati kukula kwa njere ya mpunga. Simukusowa choimikira chogula. Tengani katoni yolimba, muiike chozondoka patebulo, mudule mbali imodzi kuti manja azilowa, ndipo pamwamba mubowole kabowo ka diso la kamera. Foni igone pamenepo ikuyang'ana pansi. Imateni ndi selotepi, katoniyo muimatenso kutebulo, pepala la pansi nalonso chimodzimodzi. Chimene ambiri amaiwala ndi chala: kudina pagalasi kumakankha foni. Lumikizani mahedifoni a waya, ndipo pa mafoni ambiri batani lokweza mawu la pawayapo limajambula chithunzi. Ngati lanu silitero, tcherani kuti foni izidikira masekondi awiri kapena atatu isanajambule.

Kuwala kosinthasintha ndiye nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa imanamiza anthu kuti kamera yawonongeka. Foni imadziyezera yokha kuwala pa chithunzi chilichonse. Mwana wa malaya oyera akawerama pafupi, imachepetsa kuwala, akachoka, imawonjezera. Pa chithunzi chimodzi simungazindikire, koma zikathamanga 12 pa sekondi filimu imaphethira. Mankhwala ake ndi kuitsekera. Pa mafoni ambiri mukagwira chala pagalasi kwa kanthawi pamatuluka kaloko kapena mawu akuti AE/AF Lock. Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yojambulira makatuni ya Stop Motion Studio, imene ili ndi mtundu waulere, lowani pa zosankha za kamera mutseke kuwala ndi fokasi momwemo. Pulogalamuyi imaonetsanso mthunzi wa chithunzi chapitacho pamwamba pa chatsopano, ndipo zimenezi zimathandiza mwana kudziwa kuti wasuntha kwambiri kapena pang'ono.

Mukatseka foni, tsekaninso dzuwa. Mtambo ukadutsa, kapena dzuwa likapendeka pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko, kuwala kwa m'kalasi kumasintha. Phimbani mawindo ndi zitenje zochindikala, muunikire ndi nyale imodzi kapena ziwiri zomangirira pamalo amodzi. Ngati ndi tochi yotchaja kapena nyale ya sola, iyambe ili yodzaza, chifukwa zambiri zimazilala pang'onopang'ono batire ikamatha. Mungadziwe chomwe chikuvuta poyang'ana filimuyo. Ikamaphethira mwadzidzidzi, ndi foni yosatsekera kapena munthu woyendayenda pafupi. Ikamada pang'onopang'ono kuyambira poyamba mpaka kumapeto, ndi dzuwa kapena batire ya nyale.

Pali china chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, poti ndinachionapo chikuliza munthu. Mnyamata wina anabwera pabenchi panga ndi memori khadi imene inali ndi ntchito ya gulu lake ya miyezi iwiri. Khadiyo inali yachinyengo, yolembedwa kukula kumene inalibe, ndipo itadzaza inayamba kuwononga zithunzi. Ndinayesa njira zonse, ndinapulumutsa zochepa chabe. Chithunzi cha kamera wamba chimadya mamegabaiti atatu kapena anayi, ndiye 720 zimapitirira magigabaiti awiri. Mukasankha 1080p mu pulogalamu ija, malo amachepa kwambiri ndipo filimu imaonekabe bwino. Lachitatu lililonse musanatseke kalasi, tumizani zimene mwajambula ku foni ina kapena pa fulashi, ndipo ntchito imeneyi mupatse mwana mmodzi wodalirika. Pojambula ikaninso foni pa Airplane mode, kuti wina akaimba isanjenjemere pakatoni.

Za mawu musadandaule nazo panopa. Adzajambulidwa zithunzi zikatha, ndi foni yomweyo, m'chipinda chachete, pakamwa patalikirane ndi foni ngati chikhatho chimodzi.

Lachitatu likudzali musayambe filimu yeniyeni. Ana adule kampira ka pepala, akasunthe theka la sentimita pa chithunzi chilichonse, zithunzi 24 zokha. Amenewo ndi masekondi awiri. Muwaonetse kaye zakale zogwedezeka zija, kenako zatsopanozi, foni izungulire m'manja mwa aliyense. Akatha kuona, itanani wamng'ono pa onse alembe 720 pakona ya bolodi, ndipo muuze makalasi ena kuti pakona pamenepo asafufutepo.