Arei ndi linkidi lisiti: chifukwa chiyani kulowetsa pakati sikukufulumira monga mkalasi ananenera?

"Mkalasi anatiuza kuti linkidi lisiti ndi yachangu polowetsa chinthu pakati. Ndayesa mu C ndi manambala 1,000,000, koma arei ndi imene ikupambana. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, n'kutheka kuti palibe chimene mwalakwitsa. Zimene anakuuzani mkalasi ndi zoona, kungoti zimagwira ntchito pamene malo olowetsapo mwawapeza kale. Nthawi yambiri imathera pofufuza malowo, ndipo chimene chimachititsa zimenezi ndi mmene zinthu zimakhalira mu memori.

Titenge malikisi a ophunzira asanu: 67, 82, 45, 90, 73. Mukawaika mu arei ya `int`, nambala iliyonse imatenga mabaiti 4 pa makina ambiri, ndipo zonse zimakhala zogundizana popanda mpata. Ngati 67 ali pa adiresi 1000, ndiye kuti 82 ali pa 1004, 45 pa 1008, 90 pa 1012, ndipo 73 pa 1016. Mukalemba `a[3]`, kompyuta siyenda kuwerenga mmodzimmodzi. Imangochita masamu, `1000 + 3 * 4`, n'kupeza 1012, n'kutengapo 90. Masamu ake ndi omwewo kaya mukufuna chinthu chachinayi kapena chakumapeto kwa miliyoni. N'chifukwa chakenso mu C timayamba kuwerenga pa 0: nambala ya m'kati mwa `[ ]` imanena kutalika kwa pamene chinthucho chili kuchokera poyambira.

Linkidi lisiti ilibe lamulo loti zinthu zigundizane. Chinthu chilichonse chimakhala m'kachigawo kakekake kotchedwa nodi, ndipo nodiyo imasunga nambala yanu pamodzi ndi pointa, yomwe ndi adiresi ya nodi yotsatira.

```c
struct node {
    int value;
    struct node *next;
};
```

Nodi iliyonse mumaipempha payokha ndi `malloc`, ndipo imagwera pamene papezeka malo. 67 akhoza kukhala pa 2000, 82 pa 7040, 45 pa 3120. Palibe masamu amene angakuuzeni kumene kuli wachinayi. Zili ngati kufunafuna munthu m'mudzi umene khomo lililonse limangodziwa khomo lotsatira: muyenera kugogoda paliponse mpaka mutafika. Nodi yomaliza imakhala ndi `NULL`, kusonyeza kuti mndandanda wathera pamenepo.

Tsopano tilowetse 58 pambuyo pa 82. Mu arei mpata palibe, choncho 73 asunthire pa 1020, 90 pa 1016, 45 pa 1012, ndipo 58 akhale pa 1008. Kusunthako kumayambira kumapeto, chifukwa mukayambira kutsogolo 45 amafufuta 90 musanamusamutse. Mu linkidi lisiti palibe amene amasuntha. Ngati `p` akuloza nodi ya 82 ndipo `n` ndi nodi yatsopano, mizere iwiri yakwana:

```c
n->next = p->next;
p->next = n;
```

Musamale ndi dongosolo la mizereyi. Mukaitembenuza, nodi yatsopano imadziloza yokha, 45 ndi onse a pambuyo pake amasowa, ndipo pulogalamu yosindikiza mndandanda imangobwereza 58 osaleka. Mukaona nambala imodzi ikudzaza sikirini, yambani kuyang'ana pamenepa.

Mizere iwiriyi ndi imene mabuku amaitcha `O(1)`, kutanthauza kuti nthawi yake sisintha ngakhale mndandanda utakula bwanji. Koma funso ndi lakuti, `p` mwamupeza bwanji? Pa mndandanda wanu wa 1,000,000, kuti mufike pakati mwadutsa manodi 500,000. Arei nayo yasuntha manambala 500,000. Papepala zonse ziwiri ndi `O(n)`, kutanthauza kuti nthawi imakula molingana ndi kuchuluka kwa zinthu, ndiye zikuoneka zofanana. Pa makina enieni zimasiyana kwambiri, ndipo apa mpamene ndikufuna mumvetsetse.

Pulosesa imathamanga kuposa memori yaikulu, ndiye ili ndi kamemori kakang'ono kachangu pafupi nayo kotchedwa kashe. Ikafuna nambala imodzi sitenga imodzi yokha, imatenga mabaiti 64 nthawi imodzi pa mapulosesa ambiri a masiku ano. M'mabaiti 64 mumalowa ma `int` 16. Choncho ikatenga nambala imodzi ya mu arei, anzake oyandikana nayo abwera kale, ndipo ikaona kuti mukuyenda motsatana imayamba kukoka za kutsogolo musanazipemphe. Kusuntha manambala 500,000 ndi kukopera mabaiti 2,000,000 ogundizana, ntchito imene `memmove` amaichita mwachangu zedi. Pa linkidi lisiti pulosesa singadziwe adiresi ya nodi yotsatira isanawerenge nodi imene ilipo, ndiye imadikira. Chinthu chikakhala mu kashe yoyandikira chimapezeka m'nthawi yochepa kwambiri, pamene kuchitenga ku memori yaikulu kumachedwa kuwirikiza makumi angapo. Manodi akakhala omwazikana, kudikira kumeneku kumabwera pafupifupi pa sitepe iliyonse.

Ndionjezere kuti mayeso anu mwina anaikondera kale linkidi lisiti. Manodi opemphedwa motsatizana pulogalamu ikangoyamba nthawi zambiri amagwera moyandikana. Yesani kulowetsa ndi kuchotsa m'malo osiyanasiyana kwa kanthawi, kenako muyezenso, muona kusiyana kukukula.

Palinso nkhani ya kukula kwa malo. Pa makina a mabiti 64 pointa imatenga mabaiti 8. Mungaganize kuti nodi ndi mabaiti 12, koma sindikizani `sizeof(struct node)` muona 16, chifukwa kompaila imasiya mabaiti 4 opanda kanthu kuti pointa iyambire pa adiresi yogawika ndi 8. Manambala anu miliyoni mu arei ndi mabaiti 4,000,000, pamene mu linkidi lisiti ndi 16,000,000, ndipo `malloc` amaonjezerapo ake pa nodi iliyonse. Pa `glibc`, laibulale ya C yofala pa Linux, kachigawo kochepetsetsa kamene amapereka ndi mabaiti 32, kutanthauza kuti malo enieni afika kasanu n'katatu kuposa a arei.

Arei ili ndi mavuto ake. Ikadzaza muyenera kupempha malo aakulu ndi `realloc`, ndipo ngati kutsogolo kwake kulibe mpata, zonse zimakoperedwa kwina. Zikatero pointa iliyonse imene inkaloza m'malo akale yasanduka yoopsa, ndipo pulogalamu ikhoza kuyenda bwino lero n'kudzagwa tsiku lina ndi `Segmentation fault`. Musamaonjezere malo a chinthu chimodzi nthawi iliyonse. Muziwirikiza kukula, kuti kukopera kuzichitika mwa apo ndi apo. `std::vector` ya C++ ndi `ArrayList` ya Java nazonso zimaonjezera malo ambiri nthawi imodzi, ndipo ngakhale `list` ya Python, dzina lisakusokonezeni, mkati mwake ndi arei yokula yokha yosunga mapointa. Komanso C sayang'ana malire: `a[5]` pa arei ya zinthu zisanu amawerenga chilichonse chili pa 1020 osadandaula.

Ine linkidi lisiti ndimaisankha pamene nodi ndili nayo kale m'manja ndipo sindikufuna kuti zinthu zisamuke pa maadiresi ake. Chitsanzo chabwino ndi mndandanda wa zinthu zimene zagwiritsidwa ntchito posachedwa, pomwe tebulo la hashi limakupatsani nodi mwachindunji, inu n'kuichotsa pakati n'kuiika kutsogolo. Pamenepo mumafunika yokhala ndi mapointa awiri, `prev` ndi `next`, chifukwa pochotsa nodi muyenera kudziwa ya kumbuyo kwake. Pa mayeso anu, sungani `p` pasadakhale, muyeze kulowetsa kokha popanda kuyenda, ndipo muike nthawi ziwirizo pano tizione limodzi.